Pulani Yobwereza Ikamalephera Kugwira: Kugawa Maola Kuchokera pa Zithunzi za Pepala la Mayeso

Wophunzira akakhala ndi zithunzi za pepala la mayeso lakale pa foni, kuphatikizapo pepala lochongera lija ambiri amati makingi sikimu, amaona ngati ntchito yatha. Amakhala pansi, n'kulemba mitu, n'kugawa maola. Pakatha mlungu umodzi kapena iwiri pulani ija imakhala itagwa, kapena amaitsatira bwinobwino koma akalemba pepala lina malikisi ake sasuntha. Vuto limeneli ndakumana nalo kambirimbiri kwa ophunzira amene ndimawathandiza masamu, ndipo kawirikawiri gwero lake silikhala ulesi. Limakhala limodzi mwa awa: mwina manambala amene anatengedwa pa zithunzi ndi olakwika, apo ayi maola anagawidwa potengera malikisi amene ali pa pepala m'malo mwa malikisi amene wophunzirayo akutaya.

Nditsatira nkhani ya mtsikana wina amene anatsala ndi milungu inayi kuti alembe masamu. Pepala limene anajambula linali la malikisi 100, lolembedwa maola awiri. Gawo A linali ndi malikisi 60 ndipo mafunso onse anali oyankha. Gawo B linali ndi mafunso 6, lililonse malikisi 10, woyankha n'kusankhapo anayi.

Malikisi sakukwana mukawaphatikiza

Musanaganize za maola, lembani kachigawo kalikonse ka funso pa mzere wakewake: nambala ya funso, mutu wake, ndi malikisi ake. Osalemba kuti funso 9 basi, koma 9(a), 9(b), 9(c), chifukwa funso limodzi limatha kuyamba ndi aljebra n'kukathera ku girafu. Mukatero phatikizani malikisi onse. Chiwerengero chimene mwapeza chiyenera kufanana ndendende ndi chimene chili pachikuto cha pepala kapena pamwamba pa gawo lililonse. Chikasiyana ngakhale ndi malikisi amodzi, imani kaye.

Mtsikanayu ataphatikiza Gawo A anapeza 53 m'malo mwa 60. Malikisi 7 anali atasowa. Iye ankafuna kupitiriza, akuti 7 si ambiri, koma tinabwerera ku zithunzi. Awiri tinawapeza pa funso 9(c), limene linali pamwamba penipeni pa tsamba lotsatira, ndipo wojambulayo anadula mzere woyambawo. Asanu enawo anabisala pa funso lojambula girafu. Malikisi ake anali 8, koma kuwala kwa foni kunagwera m'mphepete mwa tsamba n'kufufuta mbali yakumanzere ya nambalayo, ndiye inkaoneka ngati 3. Taonani zimene zikanachitika: mutu wa magirafu unali ndi malikisi 14, koma pa tebulo lake ukanakhala ndi 9, n'kuoneka ngati kamutu kongodutsapo.

Malikisi amavutika kwambiri pa zithunzi chifukwa amalembedwa kumphepete kwa tsamba, kumene pepala limapindika ndipo kamera siona bwino. Manambala amene amasokonezana kwambiri ndi 3 ndi 8, 1 ndi 7, komanso 5 ndi 6. Njira yachidule yotsimikizira ndi kuwerenga timalikisi ta sitepe iliyonse ya yankho, tolembedwa ndi zilembo M, A ndi B, pa pepala lochongera: ngati funso lili ndi timalikisi tisanu ndi titatu pamenepo, nambala yosaoneka bwino ija ndi 8.

Onaninso manambala a masamba. Pepala losindikizidwa mbali zonse ziwiri limajambulidwa kutsogolo kokha nthawi zambiri munthu akamafulumira, ndipo mumazindikira poona kuti masamba akudumpha, 3, 5, 7. Zithunzi zikatumizidwa pa WhatsApp ngati zithunzi wamba zimachepetsedwa, ndipo tizilembo tating'ono ndi timene timayamba kufa: ka 2 kapamwamba pa x², chizindikiro chochotsera, kadontho ka desimo. Pemphani amene ali ndi pepalalo kuti alijambulenso litagona pamalo osalala, foni ili pamwamba pake molunjika, pa kuwala kwa masana, popanda fulashi, ndipo alitumize ngati fayilo. Ngati mwagwiritsa ntchito pulogalamu yosandutsa chithunzi kukhala malemba, musakhulupirire manambala ake musanawayerekeze ndi chithunzicho, chifukwa x² imatuluka x2 ndipo mafulakishoni amaphwasuka.

Pali chinthu chimodzi chimene chithunzi, ngakhale chowala chotani, sichingakupatseni: muyeso weniweni. Funso lofuna kuti muyeze ndi rula kapena polotirakita pa chojambula cha pa pepala silingayankhidwe molondola kuchokera pa foni, chifukwa kukula kwasintha ndipo ngodya zimapendekeka foni ikapendekeka. Funso lotero liwerengeni malikisi ake pa tebulo, koma musadziweruze nalo.

Nanga malikisi akapitirira? Mtsikanayu atakonza Gawo A n'kuphatikiza pepala lonse anapeza 120. Apa palibe cholakwika pa zithunzi. Gawo B lasindikizidwa ndi malikisi 60 koma munthu angapezemo 40 okha. Werengani mafunso anayi okhawo amene mwayankha, ndipo awiri mwawasiyawo muwalembe pambali. Tiwabwerera.

Mayankho sakugwirizana ndi mafunso

Izi sizitenga nthawi kuzipeza. Zithunzi zikamadutsa m'manja ambiri, pepala lochongera la chaka china kapena la pepala lachiwiri limadzaphatikana ndi mafunso a pepala loyamba. Yerekezani chaka ndi nambala ya pepala pa zikuto zonse ziwiri. Ngati chikuto sichinajambulidwe, tengani funso loyamba, lapakati ndi lomaliza, muone ngati manambala a m'funso akupezeka m'mayankho ndiponso ngati malikisi akufanana. Atatuwo akagwirizana, pitirizani. Limodzi likakana, mwina masamba a mapepala awiri asakanikirana, ndipo muyenera kuona funso lililonse.

Pulani ikukupatsani maola ambiri pa zimene mumadziwa kale

Apa ndiye pamene pagona nkhani. Njira imene imabwera msanga m'mutu ndi yakuti mutu wa malikisi ambiri ulandire nthawi yambiri. Imamveka yanzeru, koma siifunsa n'komwe kuti wophunzirayo ali pati. Pepala la mayeso limakuuzani zimene oyesa amafuna. Silikuuzani zimene inu mukusowa kufikira mutalilemba.

Choncho pepalalo lilembeni kaye, pa nthawi yake yeniyeni, osasuzumira mayankho. Ndikudziwa kuti n'zovuta pamene mayankho ali pa foni yomweyo, chithunzi chotsatira. Kopererani mafunso pa pepala kapena asindikizeni, foni ikhale kutali. Mukawerenga yankho musanayese, pepala limenelo lasiya kukhala muyeso, chifukwa njira ya masamu ukaiona imaoneka yosavuta ndipo umadziuza kuti ukanaidziwa.

Mtsikanayu analemba, tinachonga, ndipo zinatuluka motere:

| Mutu | Malikisi | Anapeza | Anataya |
|---|---|---|---|
| Aljebra | 30 | 24 | 6 |
| Jiyometri | 22 | 9 | 13 |
| Trigonometri | 18 | 6 | 12 |
| Sitatisitikisi | 16 | 13 | 3 |
| Magirafu | 14 | 8 | 6 |
| Zonse | 100 | 60 | 40 |

Kenako tinawerenga nthawi imene analidi nayo, osati imene ankalakalaka. Masamu sanali phunziro lokhalo limene ankalemba, ndiye tinagwirizana ola limodzi pa tsiku, masiku 6 pa mlungu. Pa milungu inayi amenewo ndi maola 24. Tinachotsapo maola 4 oti adzalembe mapepala ena awiri athunthu, ndipo anatsala maola 20 ogawa pa mitu.

Pulani yake yoyamba, yotengera malikisi a pa pepala, inapereka maola 6 ku aljebra, mutu umene ankapezamo kale 24 pa 30. Jiyometri, kumene anataya oposa theka, inangolandira maola 4 ndi mphindi 24. Akanaitsatira, gawo lalikulu la mwezi wake likanathera pothamangitsa malikisi 6, uku malikisi 25 a jiyometri ndi trigonometri akungomuyang'ana.

Tinatembenuza. Maola 20 kugawa ndi malikisi 40 otayika, zikutanthauza mphindi 30 pa malikisi amodzi. Aljebra inatsika kufika maola 3, jiyometri inakwera kufika maola 6 ndi theka, trigonometri maola 6, sitatisitikisi ola limodzi ndi theka, magirafu maola 3. Lamulo lake ndi ili: malikisi otayika pa mutu, kugawa ndi malikisi otayika onse, kuchulukitsa ndi maola amene mulipo nawo.

Amene amakonda Excel kapena Google Sheets angaike mutu mu kolamu B, malikisi mu C, opezedwa mu D, ndi otayika mu E. Mzere woyamba pansipa ukuphatikiza malikisi onse, ndipo wachiwiri ukupereka maola a jiyometri pa maola 20:

```
=SUM(C2:C45)
=SUMIF(B2:B45,"jiyometri",E2:E45)/SUM(E2:E45)*20
```

Yankho likatuluka lochepa modabwitsa, onani kalembedwe ka dzina la mutu. Mukalemba jiyometri pa mzere wina ndi jometri pa wina, SUMIF iwerenga umodzi wokha osakuuzani kanthu. Ndipo chenjerani ndi madesimo a maola: 6.5 ndi maola 6 ndi mphindi 30, osati mphindi 50, ndipo 4.4 ndi maola 4 ndi mphindi 24. Kope ndi cholembera zimagwira ntchito yomweyi, palibe chimene mungataye.

Malikisi otayika si ofanana onse

Tebulo lija ndi poyambira chabe, ndipo apa ndi pamene pepala lochongera limasonyeza phindu lake lenileni. Ambiri amangoyang'anapo yankho lomaliza. Koma m'mapepala ochongera a masamu ambiri malikisi amagawidwa ndi zilembo. M ndi wa njira, kusonyeza kuti mukudziwa chochita. A ndi wa yankho lolondola, ndipo nthawi zambiri saperekedwa ngati M wake sanapezeke. B amaperekedwa payekha, pa mfundo kapena yankho losadalira njira. Mukaona ft, ndiye kuti wochonga amatsatira yankho lanu lolakwika lam'mbuyo, ndipo ngati mwaligwiritsa ntchito moyenera mumapezabe malikisi. Zizindikiro zimenezi nthawi zambiri zimafotokozedwa patsamba lakumayambiriro kwa pepala lochongera, tsamba limene ojambula amakonda kulidumpha poganiza kuti mulibe mayankho. Lipempheni, chifukwa mabungwe oyesa amasiyanako pa tanthauzo la zizindikiro zina.

Pa mzere uliwonse umene mwataya malikisi, lembani kuti ndi M kapena A, ndiponso chifukwa chake m'mawu awiri atatu. Kutaya M kumatanthauza kuti njira simukuidziwa, ndipo mankhwala ake ndi maola. Kutaya A mutapeza M kumatanthauza kuti njira mukuidziwa koma dzanja laphonya, ndipo mankhwala ake ndi chizolowezi chatsopano, chimene sichifuna maola ambiri.

Pa trigonometri ya mtsikanayu tinaona zachilendo. Malikisi 6 onse amene anapeza anali a M. Ankalemba njira yolondola, koma mayankho ake ankatuluka osamveka, mpaka mbali ina ya thirayango inatuluka ndi chizindikiro chochotsera. Ndinamupempha kakyuleta yake n'kutayipa sin 30. Inapereka -0.988 m'malo mwa 0.5. Inali pa RAD, ikuwerenga ngodya m'maradiyani, osati pa DEG. Malikisi 5 a A anathera pamenepo. Malikisi 7 otsalawo ndi amene analidi a kusadziwa: funso la lamulo la kosaini analisiya lopanda kanthu, ndipo la mabeyaring'i analephera kujambula chithunzi chake.

Tikanakhulupirira tebulo lokha, tikanamupatsa maola 6 a trigonometri, awiri ndi theka mwa iwo akuchiza matenda amene anatha mu mphindi imodzi. Tinasiya maola 3 ndi theka a malikisi 7 aja, n'kuwonjezera theka la ola loti abwerezenso mafunso amene anaphonya ndi kuzolowera kuyesa sin 30 asanayambe pepala lililonse. Trigonometri inakhala maola 4, ndipo maola 2 anamasuka.

Jiyometri sitinaichepetse ngakhale kuti nayo inali ndi zake. Pa malikisi 13 aja, anayi anatayika chifukwa ankapeza ngodya yolondola osalemba chifukwa chake, pamene funso linanena kuti apereke zifukwa. Poyamba ndinkaganiza kuti ndi kuiwala chabe. Nditamufunsa kuti anene pakamwa chifukwa chimene ngodya yapakati pa seko inali kawiri kuposa ya m'mphepete, anakakamira. Ankaona chithunzi n'kulota yankho, mfundo yake osaigwira. Ichi n'chifukwa chake sindivomereza mawu akuti "ndinangolakwitsa pang'ono" popanda kuyesa. Muyeso wake ndi wosavuta: tsekani mayankho, bwerezani funsolo tsiku lotsatira. Mukalikhoza nokha, kunali kuphonya kwa dzanja. Mukalephera kachiwiri, liikeni m'gulu la zofuna maola.

Gulu lachitatu ndi la malikisi otayika chifukwa nthawi inatha. Mumawazindikira chifukwa amaunjikana kumapeto kwa pepala, mosasamala mutu. Pepala la malikisi 100 pa mphindi 120 limapereka mphindi imodzi ndi masekondi 12 pa malikisi amodzi, ndiye funso la malikisi 10 lisadye mphindi zoposa 12. Ngati simunafike ku mafunso ena, ayankheni pambuyo pake ndi cholembera cha mtundu wina. Amene mwawakhoza musawaike pa mutu wawo, chifukwa vuto ndi liwiro, ndipo limakonzedwa ndi mapepala athunthu aja olemba pa wotchi.

Chenjezo lina pa kudzichongera nokha: dzanja limafewa. Umaona njira yako ikufananako ndi ya pa pepala n'kudzipatsa M. Ngati mzere umene pepala lochongera likufuna sunalembedwe pa pepala lanu, malikisiwo palibe, ngakhale munauganiza m'mutu. Kusinthana mapepala ndi mnzanu kumathandiza kwambiri.

Mitu imene sinabwere pa pepala

Pepala limodzi silifunsa silabasi yonse. Pulani yochokera pa pepala limodzi imapereka maola 0 ku mutu uliwonse umene sunafunsidwe chaka chimenecho, ndipo mutu umenewo ukhoza kubwera chaka chanu. Tengani silabasi, muchonge mitu imene ili pa tebulo lanu, muone yotsala.

Apa ndi pamene mafunso awiri a Gawo B amene tinaika pambali anabwerera. Mtsikanayu anasiya la mavekita ndi lina la aljebra. La aljebra analisiya chifukwa anali atakwanitsa kale anayi. La mavekita analithawa, ndipo funso lothawidwa silioneka pa malikisi otayika. Mamatirikisi nawo anali mu silabasi yake koma sanapezeke pa pepala lonse. Maola 2 omasuka aja tinawapereka kumeneko, limodzi mavekita, limodzi mamatirikisi. Ola limodzi silingaphunzitse mutu wonse, koma limakwana kuyesa mafunso angapo ndi kudziwa ngati pali dzenje lalikulu. Mukakhala ndi mapepala a zaka zitatu kapena kuposa, werengani malikisi a mutu uliwonse pa onsewo, ndipo mudzasiyanitsa mitu yobwera chaka ndi chaka ndi yongobwera mwa apo ndi apo.

Pulani yomaliza inali iyi: jiyometri maola 6 ndi theka, trigonometri 4, aljebra 3, magirafu 3, sitatisitikisi ola limodzi ndi theka, mavekita ndi mamatirikisi 2. Onse pamodzi 20. Sindilola kuti mutu umene wophunzira amakhoza utsike pansi pa ola limodzi pa mwezi wathunthu, ngakhale masamu a tebulo atanena zimenezo. Aljebra makamaka imalowa m'mitu ina yonse, ndipo ikachita dzimbiri imagwetsa ndi zinazo.

Pulani ikugwa pa mlungu wachiwiri

Mzere wonena kuti "jiyometri, maola 6 ndi theka" suuza munthu chochita akakhala pansi. Maolawo aduleni m'zigawo za mphindi 30, ndipo chigawo chilichonse chikhale ndi ntchito yotchulidwa dzina, yochokera pa zifukwa zimene munalemba pa tebulo. Jiyometri ya mtsikanayu inasanduka zigawo 13, ndipo choyamba chinali: ngodya za mu seko, mafunso asanu, lililonse ndi chifukwa chake cholembedwa. Ola lake la tsiku linkakhala ndi zigawo ziwiri za mitu yosiyana. Musaunjike zigawo zonse za mutu umodzi pa mlungu woyamba. Zimene zabwerezedwa patadutsa masiku zimakhalitsa m'mutu kuposa zopanikizidwa pamodzi, ndiye mutu waukulu ubwere kangapo mlungu uliwonse mpaka kumapeto.

Tsiku likakuphonyani, musakankhire pulani yonse kutsogolo, chifukwa tsiku la mayeso silisuntha. Tsiku lachisanu ndi chiwiri lija losawerengedwa ndi limene limalandira zigawo zophonyedwa. Zikachuluka kuposa pamenepo, ndiye kuti maola munawayerekeza mopitirira: werengani amene mukukwanitsadi pa mlungu, mugawenso ndi lamulo lomwe lija.

Pepala loyamba mwa awiri aja lilembedwe kumapeto kwa mlungu wachiwiri, ndipo likhale lachilendo, osati lomwe munayambira. Chongani, dzazani tebulo latsopano, mugawenso maola otsala potengera malikisi otayika atsopanowo. Mutu umene wadya maola atatu koma malikisi a M akutayikabe malo omwewo musangouwonjezera nthawi. Tengani funso lenilenilo kwa mphunzitsi kapena mnzanu amene amalikhoza, mumusonyeze mzere umene mumaimira, chifukwa nthawi zambiri pamakhala kanthu kena ka m'mbuyo kamene kakusowa, monga kusamutsa zilembo mu ikweshoni, ndipo kameneko n'kamene kayenera kulowa pa zigawo za mlungu wachitatu.